Kuika mawaya a sola m'nyumba yatsopano: mafunso amene eni nyumba amandifunsa ku Mulanje ndi ku Thyolo

Ndimaika magetsi a sola m'midzi ya pakati pa Luchenza, Chonde ndi Chitakale. Kawirikawiri anthu amandiitana nyumba itatha kale, pulasitala atauma, penti atapaka, ndipo mawaya timangowakhomera pamwamba pa khoma poti palibenso pobisa. Mayankho awa ndalembera amene khoma lawo likadali njerwa zokhazokha. Chitsanzo changa paliponse ndi nyumba imodzi imene ndinaikamo magetsi kufupi ndi Chonde: zipinda zogona zitatu, pabalaza, kanjira ka pakati, khonde, ndi khitchini ya panja. Magetsi ake ndi a 12V, ongowunikira ndi kutchaja mafoni.

Amisiri, ndikuitaneni nthawi iti? Nyumba ikatha?

Ayi. Mundiitane denga likangofoleredwa, omanga asanayambe pulasitala ndipo kalipentala asanakhome siling'i. Pa nthawi imeneyi timasema timizere m'njerwa, kuikamo mapaipi apulasitiki a mawaya a mamilimita 20 ndi timabokosi ta maswichi, ndipo womanga amangomata pamwamba. Simufunika kukhala mutagula panelo kapena batire. Mapaipi ndi timabokosi ndi zotsika mtengo, ndipo zikhoza kudikira ngakhale chaka chathunthu mpaka ndalama ya zinazo itapezeka. Muzingosiya kawaya kokokera m'paipi iliyonse, ndi kutseka kukamwa kwake ndi pepala kuti matope a pulasitala asalowemo.

Batire likhale pati?

Funso ili ndi loyamba kuliyankha, chifukwa mawaya onse a m'nyumba amachokera pamene pali batire. Mukasankha malo molakwika, waya aliyense amatalika, ndipo pa 12V kutalika kwa waya kumadya mphamvu.

Sankhani malo a pakati pa nyumba. Ku Chonde kuja tinasankha kumapeto kwa kanjira ka pakati, pafupi ndi chitseko cha kuseri, pamene womanga anasiya njerwa yamabowo yopitira mpweya. Kuchokera pamenepo palibe babu la m'nyumba limene lili kutali kuposa mamita 10.

Mpweya ndi wofunika pa chifukwa ichi: batire lothiramo madzi likamatchajidwa, makamaka likayandikira kudzadza, limatulutsa mpweya wa haidirojeni. Sumaoneka, sumanunkha, koma ukaunjikana pamalo otsekeka, kamoto kakang'ono kokha kakhoza kuuyatsa batire n'kuphulika, asidi n'kumwazika. N'chifukwa chake sindiika batire m'chipinda chogona, pansi pa bedi, m'kabati yotseka, kapena m'khitchini momwe muli mbaula. Ngakhale batire lomata losathira madzi, la jelo lija, lili ndi kabowo kopumira, ndipo nalonso silifuna bokosi lopanda mpweya.

M'siling'i musaikemo ngakhale muope akuba. Pansi pa malata mu Okutobala pamatentha kwambiri, ndipo batire la mtovu ndi asidi limakonda kutentha kwa madigiri 25. Likamakhala pamalo otentha ndi madigiri 10 kuposa apo, moyo wake umafupika pafupifupi ndi theka. Komanso batire limene lili m'mwamba palibe amene amakwera kukaona madzi ake.

Akalipentala akukhomereni bokosi lamatabwa lokhala ndi miyendo, lotalikira pansi masentimita 15 kapena 20, lobooledwa m'munsi ndi m'mwamba, lokhala ndi loko chifukwa cha ana. Anthu amati simenti imayamwa moto wa batire. Mabatire a masiku ano ali ndi chikopa cha pulasitiki ndipo simenti siyamwa kanthu. Timalikweza chifukwa cha madzi okolopera ndi chinyezi, poti kuno nyumba yatsopano imatenga miyezi kuti iume bwino, ndipo chinyezi chimadyetsa mitu ya batire.

Kontirola, chipangizo chimene chimayang'anira kutchajidwa kwa batire, ikhale pakhoma, pambali pa bokosilo, osati pamwamba penipeni pa batire pomwe nthunzi ya asidi imakwerera. Waya wa pakati pa ziwirizi asapitirire mita imodzi ndi theka. Kontirola imaweruza ngati batire ladzadza poyeza mavolti kumapeto kwa waya ameneyu. Akatalika, imaganiza kuti batire ladzadza lisanadzadze.

Nanga batire ndi panelo zikhale zazikulu bwanji?

Werengani kuchokera ku mababu. Tengani mawati a babu lililonse, muchulukitse ndi maola amene limayaka pa tsiku. Ku Chonde, babu la pabalaza ndi la mawati 5 ndipo limayaka maola 5, zomwe ndi 25. Mababu atatu a kuzipinda ndi a mawati 3, maola 3 lililonse, pamodzi 27. La kukhitchini limatenga 9. La pakhonde ndi la mawati 3 okha, koma limayaka usiku wonse, maola 11, ndipo limadya 33, kuposa lina lililonse. Mafoni atatu tinawawerengera 30. Zonse pamodzi ndi 124 Wh pa tsiku, kutanthauza mawati kuchulukitsa ndi maola. Tikagawa ndi mavolti 12 aja, batire limapereka pafupifupi 10 Ah tsiku lililonse, ndipo Ah ndiwo muyeso wa kukula kwa batire.

Apa ndi pamene kwathu kuno timasiyana ndi a ku Chikwawa kapena ku Mangochi. Chiperoni chikabwera, pakati pa Meyi ndi Ogasiti, nkhungu ndi mvula yamawawa zimatha kukhala masiku atatu kapena kuposa, dzuwa osaoneka, ndipo panelo imapereka pang'ono chabe. Ine ndimawerengera masiku atatu otere, omwe ndi 30 Ah. Batire la mtovu silifuna kutsitsidwa kupitirira theka, choncho timawirikiza kawiri n'kupeza 60 Ah. La 70 Ah likanakwana, koma eni nyumba anagula la 100 Ah poganizira kuti adzawonjezera TV. Linali la sola lenileni. La galimoto linapangidwira kulizira injini kwa kamphindi, ndipo mukamalitsitsa usiku uliwonse silichedwa kufa.

Panelo tinaika ya mawati 100. Pa tsiku la dzuwa, ya 60 ikanabweza zimene zadyedwa usiku, koma chiperoni chikatha pamakhala ngongole ya masiku atatu, ndipo batire losiyidwa lisanadzadze kwa masiku ambiri limauma mkati n'kusiya kusunga moto. Panelo ya mawati 100 imatulutsa maampu pafupifupi 5.5 dzuwa likaswa mtengo, choncho kontirola ya 10A imakwana.

Mawaya adutse njira iti m'nyumba?

Lamulo langa ndi loti m'khoma paipi imayenda choongoka, kuchokera pa swichi kukwera molunjika mpaka m'siling'i. Yopingasa kapena yodutsa chamakona ayi. Pakapita zaka ziwiri wina adzafuna kukhoma msomali wa kalendala kapena wa katani, ndipo akaona swichi adziwe kuti waya ali pamwamba pake penipeni, kwina konse ndi kwabwino. Maswichi ndimaika pa mita 1.2 kuchokera pansi, mbali ya chitseko imene kuli chogwirira. Pulasitala asanayambe, jambulani makoma onse pafoni.

M'siling'i namo waya akhale m'paipi, yomangiriridwa kumatabwa a denga, osagona pa malata. Makoswe amakonda kutafuna chikopa cha waya, ndipo malata otentha amachiumitsa mpaka kusweka. Polumikiza mawaya pakhale m'kabokosi kokhala ndi chivundikiro, mawaya atamangidwa ndi timasikuluwu, pamalo oti munthu akhoza kufikapo. Kupota mawaya awiri ndi zala n'kukulunga tepi kumagwira chaka chimodzi, kenako chinyezi cha kuno chimalowa, mkuwa umabiriwira, babu n'kuyamba kuphethira. Mkati mwa paipi yokwiriridwa m'khoma musalumikizemo chilichonse.

Musamangirire nyumba yonse pa waya mmodzi. Ku Chonde tinagawa njira zitatu zochokera pa kabokosi ka mafyuzi pafupi ndi kontirola. Ina ndi ya mababu a m'nyumba, ina ya pakhonde ndi kukhitchini, ina ya potchajira mafoni. Njira ya panja ndi imene imavuta kawirikawiri chifukwa cha mvula, ndipo ikavuta m'nyumba muzikhalabe mowala.

Waya wopita kukhitchini ya panja tinamudutsitsa pansi, m'paipi, m'ngalande yakuya theka la mita, kuti khasu lisamupeze. Wolendewera m'mwamba kuchokera padenga kupita padenga amasanduka chingwe choyanikapo zovala, ndipo amaduka.

Kusitolo andiuza kuti kawaya kakang'ono kakwana poti ndi 12V yokha. N'zoona?

Zimatengera chimene chili kumapeto kwa wayayo. Mavolti akakhala ochepa, chipangizo chimakoka maampu ambiri kuti chipeze mawati ake, ndipo maampu ndi amene amafuna waya wonenepa. Komanso pa 230V mukataya volti imodzi m'njira simudziwa n'komwe, pomwe pa 12V volti imodzi ndi gawo lalikulu. Ine ndimayesetsa kuti zotayika zisapitirire theka la volti. Pa waya wa mkuwa timawerengera motere:

```
V = 0.018 × (2 × L) × I ÷ A
```

V ndi mavolti otayika m'njira. L ndi mtunda m'mamita, ndipo timauwirikiza kawiri chifukwa magetsi amapita ndi waya wina n'kubwerera ndi wina. I ndi maampu. A ndi kunenepa kwa waya, nambala ija timatchula pogula kuti 1.5, 2.5 kapena 4.

Khitchini ya ku Chonde ili pa mamita 20, koma babu lake la mawati 3 limakoka maampu 0.25 okha. Pa waya wa 1.5 zotayika ndi 0.12V, zomwe sizidetsa nkhawa. Tsopano tengani TV ya 12V ya mawati 40, imene imakoka maampu 3.3, pa mamita 12 okha. Pa waya yemweyo wa 1.5 mumataya pafupifupi volti yathunthu, ndipo TV imayamba kuzima yokha usiku batire likadali ndi moto. Pa waya wa 4 mumataya 0.36V. Choncho mababu a LED ndimawapatsa 1.5, waya wochokera ku kontirola kupita ku kabokosi ka mafyuzi 2.5, ndipo wa panelo, wa batire ndi wa TV ndimaika 4. Ku Chonde paipi ya TV tinaikiratu yopanda kanthu, ikudikira.

Pogula, palani waya ndi mpeni. Pamsika pali wina wooneka ngati mkuwa kunja koma mkati ndi woyera, wa aluminiyamu wongokutidwa. Amapepuka m'manja, amathyoka msanga pa sikuluwu, ndipo amataya mphamvu yochuluka kuposa mkuwa wa kukula komweko. Wofiira akhale wa pozitivi, wakuda wa negetivi, nyumba yonse osasintha.

Magetsi a 12V sagwira munthu. Fyuzi ndi yachiyaninso?

N'zoona kuti sagwira. Koma amawotcha. Batire la 100 Ah, mawaya ake awiri akakhudzana, limatulutsa maampu mazanamazana nthawi imodzi. Waya amafiira ngati ali pa makala, chikopa chimayaka, ndipo palibe swichi yoti muthamangire kukazimitsa.

Ndinaitanidwa kunyumba ina cha ku Thyolo komwe munthu wina anaika sola popanda fyuzi. Waya wochokera ku batire anamudutsitsa pamphepete pa lata, ndipo mphepo ikamagwedeza denga lata linkacheka chikopa pang'onopang'ono. Tsiku limene linafika pa mkuwa wa mawaya onse awiri, waya anayaka kuchokera padenga mpaka pa batire. Mwayi unali woti kunali masana, mayi a m'nyumbamo anamva fungo, ndipo mnyamata wawo anadula waya ndi chikwanje. Thabwa la denga linali litayamba kale kuda. Ukanakhala usiku, ana ali m'tulo, sindifuna kuganiza.

Fyuzi imateteza waya, osati babu. Ndi kachitsulo kopangidwa kuti kasungunuke waya asanatenthe. N'chifukwa chake fyuzi yaikulu iyenera kukhala pa waya wa pozitivi, pafupi kwambiri ndi mutu wa batire, osapitirira masentimita 20. Kachidutswa ka waya ka pakati pa batire ndi fyuzi n'kosatetezedwa, choncho kafupike ndithu. Ena amati kontirola ili ndi chitetezo chake mkati. Ilidi nacho, koma chimateteza zimene zili kutsogolo kwake. Waya wochokera ku batire kufika pa kontirolayo sichimuona.

Panelo imodzi yokha siifuna fyuzi pa chifukwa chimenechi, poti ngakhale mawaya ake akhudzane singatulutse kuposa maampu 6 kapena apo. Ine ndimaikapobe pa waya wake, kuti ndikhale ndi pozulira ndikafuna kuichotsa.

Ndigule fyuzi ya maampu angati, ndipo ya mtundu wanji?

Ikhale yokulirapo pang'ono kuposa maampu amene amadutsa masiku onse, koma yochepera amene waya angapirire. Pa kontirola ya 10A ndi waya wa 4, ya pa batire ndi 15A. Njira iliyonse ya mababu, pa waya wa 1.5, ndimaika 5A. Mababu onse a ku Chonde atayaka pamodzi amakoka maampu osafika 2, choncho ya 5A siipsa popanda chifukwa.

Mafyuzi a galimoto, apulasitiki a miyendo iwiri aja, ndi abwino pa ntchitoyi chifukwa anapangidwira magetsi a batire, ndipo amapezeka m'masitolo a zipangizo za galimoto. Ya 10A ndi yofiira, ya 15A yabuluu, ya 20A yachikasu, komabe werengani nambala yolembedwa pamsana. Gulani ndi zoikamo zake, ndipo zotsala muzimatire ndi tepi mkati mwa chitseko cha bokosi la batire. Mabuleka a magetsi a ESCOM musawadalire pokhapokha atalembedwa kuti DC, kutanthauza magetsi a batire. Magetsi a batire akamadulidwa amakoka kamoto kosazima msanga, ndipo buleka ya AC yokha siinapangidwire zimenezo.

Mukadzagula inveta, chipangizo chosandutsa magetsi a batire kukhala a 230V, isalumikizidwe pa kontirola pamene palembedwa LOAD. Imapita ku batire mwachindunji, ndi mawaya ake onenepa ndi fyuzi yakeyake. Inveta ya mawati 300 imakoka maampu oposa 25.

Polumikiza ndiyambe chiyani?

Batire choyamba, panelo pambuyo, mababu pomaliza. Makontirola ambiri amazindikira ngati ali pa 12V kapena 24V poona batire, ndipo akalandira panelo batire palibe amasokonezeka kapena kupsa. Pochotsa mumabwerera chambuyo, kuyamba ndi panelo. Fyuzi ya pa batire ilowe mutatha kumanga mawaya onse kupatula a panelo ndi kuyeza ndi mita yoyezera mavolti kuti pozitivi ili pa pozitivi, ndipo waya wa panelo alumikizidwe fyuziyo italowa kale. Vulani wotchi ndi mphete, ndipo sipanala muikulunge tepi kuti isagunde mitu iwiri nthawi imodzi.

Negetivi ya panelo, ya batire ndi ya mababu musaziphatikize pamodzi kunja kwa kontirola pofuna kusunga waya. Makontirola ambiri otsika mtengo a PWM amadulira magetsi ku negetivi. Mukaziphatikiza mwailambalala, ndipo batire lizitchajidwa kapena kutsitsidwa popanda woliletsa.

Panelo ikhale mbali iti ya denga, ndipo waya wake alowe bwanji?

Iyang'ane kumpoto, itapendekeka madigiri 15 mpaka 20. Miyezi yozizira, imene timasowa dzuwa kwambiri, dzuwa limadutsa chakumpoto. Kupendekekako kumathandizanso kuti mvula izitsuka fumbi. Siyani mpata wa masentimita 10 pakati pa panelo ndi malata kuti mphepo izidutsa, chifukwa panelo yotentha imapereka zochepa. Yang'anani mitengo ya mapeyala, nthochi ndi bulugamu, poganizira msinkhu umene idzafike zaka zitatu zikubwerazi. Mthunzi wa nthambi imodzi pa kona umagwetsa mphamvu ya panelo yonse. Amene muli m'tsinde mwa phiri, komwe dzuwa la m'mawa limachedwa kutuluka, onjezerani mawati a panelo.

Waya asalowe pabowo lobooledwa pa lata. Ndimamutsitsa m'paipi mpaka pansi pa chikupa cha denga, n'kumulowetsa pakhoma, atapindika pang'ono kunsi asanalowe kuti madzi a mvula azidontha panja m'malo motsata waya. Ku Chonde mtunda wake ndi mamita 8, ndipo pa waya wa 4 amataya 0.4V. Felemu ya panelo ndimailumikiza ndi waya wonenepa ku ndodo yamkuwa yokhomedwa pansi panja. Izi zimachepetsa kuwonongeka mphenzi ikagwa chapafupi, koma sizingapulumutse zipangizo ikamenya nyumba yeniyeniyo.

Magetsi a ESCOM akadzafika, mawaya omwewa adzagwira ntchito?

Musawerengere zimenezo. Ngati mapolo ali pafupi, ikiranitu mapaipi ndi timabokosi tina ta 230V pa nthawi yomweyo ya njerwa, padera. Mawaya a 12V ndi a 230V asakhale m'paipi imodzi kapena m'kabokosi kamodzi, ndipo mbali ya 230V aike ndi mmisiri wa chilolezo cha MERA. Pa 12V musagwiritse ntchito soketi ya mabowo atatu ija. Tsiku lina mlendo adzalowetsa chipangizo cha 12V pa soketi ya ESCOM poona kuti pulagi ndi yofanana.

Mababu akuwala mofooka, kapena fyuzi ikungopsa. Ndiyambire pati?

Ngati ndi kufooka, yezani batire m'mawa dzuwa lisanafike pa panelo, mababu atazimitsidwa kwa ola limodzi. Batire lodzadza limaonetsa 12.6V kapena 12.7V, la theka 12.2V. Likamapezeka pansi pa 12V m'mawa uliwonse, ndiye kuti mukudya zambiri kuposa zimene panelo ikubweza, kapena batire lakalamba. Onani fumbi pa panelo, mthunzi, ndi madzi a m'batire. Madziwo aphimbe mbale za mkati, ndipo powonjezera thirani madzi a batire ogula, osati a pamjigo kapena asidi.

Batire likakhala bwino, yatsani babu lofookalo n'kuyeza pa kontirola, kenako pa babu penipeni. Kusiyana kukaposa theka la volti, vuto lili m'njira. Khudzani polumikizira paliponse. Pamene pakufunda ndi pamene pamasuka kapena pachita dzimbiri. Mitu ya batire ikamera zoyera ngati ufa, zulani fyuzi ya panelo kenako ya batire, tsukani ndi madzi a soda, mangani bwino ndi kupaka girisi pang'ono.

Fyuzi ikapsa, zimitsani maswichi onse a njira imeneyo musanaike ina ya nambala yomweyo. Ikapsa pomwepo maswichi ali ozimitsa, mawaya akhudzana pakati pa kabokosi ka mafyuzi ndi maswichi, ndipo ine ndimayamba kuyang'ana m'siling'i momwe mwadutsa makoswe. Ikapanda kupsa, yatsani swichi imodziimodzi mpaka mupeze imene ikuipsereza. Kawirikawiri pa njira ya panja ndimapeza madzi m'chogwirira babu la pakhonde. Musaike fyuzi yokulirapo, kachidutswa ka waya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya. Ngati yotsala yatha, njira imeneyo igone mumdima usiku umenewo, zina ziwirizo zikuyaka, ndipo m'mawa mukagule ya 5A.